Manja onyowa, mapazi opanda nsapato ndi nyesi ya magetsi: zokauza kalabu ya pasukulu

Funso: Ndine mphunzitsi wa sayansi pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Blantyre, ndipo ndimayang'anira kalabu ya zamagetsi ya ophunzira a Fomu 2 mpaka Fomu 4. Sabata yamawa ndikufuna kuwafotokozera chifukwa chimene nyesi imaopsera kwambiri munthu akakhala ndi manja onyowa kapena akaponda pansi wopanda nsapato. Mnyamata wina anandifunsa kuti, ngati magetsi a mu soketi ndi omwewo, madziwo akuwonjezerapo chiyani? Sindinamuyankhe zogwira mtima. Ndiwafotokozere bwanji, ndipo ndingawaonetse chiyani popanda kuika moyo wawo pachiswe?

Yankho: Aphunzitsi, mnyamatayo musamutsutse, chifukwa walondola, ndipo nkhani yanu iyambire pa mawu ake omwewo. Madzi sawonjezera voliti ngakhale imodzi. Soketi ya ku Chilomoni ndi ya ku Bangwe zonse zimapereka mavoliti pafupifupi 230, amene amapita mbali ina n'kubwerera maulendo 50 pa sekondi, kaya munthu wangochoka kumene kotsuka mbale kaya manja ake ndi ouma gwa. Chimene chimavulaza munthu si mavoliti amene ali pa waya, koma karenti imene yadutsa m'thupi mwake, ndipo kuchuluka kwa karentiyo kumadalira mmene njira yake ilili yotseguka. Madzi amatsegula khomo lolowera, ndipo phazi lopanda nsapato limatsegula khomo lotulukira.

Aphunzitsi ambiri amakonda kuyerekezera magetsi ndi madzi oyenda m'paipi. Fanizoli ndi labwino masiku ena, koma pa tsikuli mulisiye, chifukwa madzi enieni ali kale m'nkhaniyi ndipo ana adzasokoneza madzi a m'fanizo ndi madzi a m'manja. Lembani pa bolodi lamulo limene Georg Ohm anasindikiza mu 1827, limene a Fomu 3 ndi Fomu 4 ayenera kuti analiona kale:

```
I = V ÷ R
```

Auzeni kuti V ndi mavoliti, R ndi kukaniza kwa njira kumene timayeza mu maomu, ndipo I ndi karenti mu maampiya. Popeza karenti imene imapha munthu ndi yochepa kwambiri, tidzagwiritsa ntchito miliampiya, imene ndi gawo limodzi la magawo 1,000 a ampiya. Pa bolodipo V ikhale 230 tsiku lonse osafufutidwa, kuti ana aone ndi maso awo kuti chimene chikusintha ndi R yokha.

Musanafike pa khungu, yankhani funso limene ana ambiri amakhala nalo koma safunsa, lakuti n'chifukwa chiyani magetsi amafuna kupita pansi. Magetsi alibe chikondi ndi dothi ayi. Amayenda pokhapokha pali njira yobwerera kumene achokera, ndipo kwa nyumba zathu kumeneko ndi ku thiransifoma ya ESCOM imene ili pa mapolo m'dera lanulo. Pa thiransifomapo waya wa nyutilo, umene karenti imabwererapo, unalumikizidwa dala ndi nthaka kudzera mu chitsulo chokhomeredwa pansi. Chifukwa cha kulumikiza kumeneko, nthaka yonse ya m'deralo ili ngati waya wachiwiri wobwerera ku thiransifoma. Munthu amene wagwira waya wa moto ataponda pansi wamaliza njirayo ndi thupi lake ngakhale kuti wagwira waya umodzi wokha. Mbalame imene yatera pa waya sigwidwa nyesi chifukwa miyendo yake yonse iwiri ili pa waya umodzi ndipo palibe mbali ya thupi lake imene yakhudza nthaka kapena waya wina. Nthenga zake zilibe mankhwala alionse.

Tsopano jambulani munthu pa bolodi ndipo mulembe zinthu zinayi zimene karenti iyenera kudutsa motsatizana: khungu la dzanja, mkati mwa thupi, khungu la phazi pamodzi ndi chimene wavala, ndi simenti kapena dothi limene waponda. Kukaniza kwa zinthu zondondozana chonchi timakuphatikiza, ndipo chimodzi chikakhala chachikulu kwambiri, ndicho chimalamula karenti yonse.

Mkati mwa thupi mulibe chitetezo. Magazi, minofu ndi mitsempha zili ndi madzi amchere, ndipo mkono umodzi kapena mwendo umodzi umakaniza ndi maomu pafupifupi 500 okha. Karenti ikalowera kudzanja limodzi n'kutulukira ku mapazi onse awiri, miyendo iwiriyo imagawana ntchito, choncho timawerengera 500 ya mkono ndi 250 ya miyendo, zonse pamodzi 750. Nambala imeneyi siisintha kwenikweni kaya munthu wanyowa kapena ayi, kaya ndi wamphamvu kapena wofooka. Anyamata amene amadzitama kuti iwo magetsi sawamva ayenera kuimva bwino mfundoyi.

Chitetezo chimene thupi lili nacho chili pa kachikopa kakunja kwenikweni ka khungu, kopangidwa ndi maselo akufa ndi ouma. M'malo ambiri a thupi kachikopa kameneka n'kopyapyala kuposa pepala la m'kope, ngakhale kuti m'zikhato ndi kuphazi n'kokhuthala, makamaka kwa munthu wogwira khasu kapena woyenda pansi. Kakauma, nsonga ya chala ikhoza kukaniza ndi maomu 100,000 kapena kuposa. Kakanyowa, kukanizako kumatha kutsika kufika pa maomu 1,000 kapena kucheperapo, ndipo pali zifukwa zitatu zimene ndikufuna muzisiyanitse pofotokoza.

Choyamba n'chakuti madzi amalowerera m'kachikopako ndi m'timabowo ta thukuta, n'kusungunula mchere umene uli kale pakhungu. Madzi osungunula mchere amakhala ndi tizidutswa tonyamula magetsi, timene m'kalasi la kemisitiri mumatitcha maayoni, ndipo timeneti ndi timene timanyamula karenti kudutsa khungu mpaka ku minofu. Madzi oyeretsedwa kotheratu, onga amene timathira mu batire ya galimoto, sadutsitsa magetsi kwenikweni, koma akangokhudza khungu la munthu amatenga mchere n'kusiya kukhala oyera. Madzi a pampopi, a pachitsime, a sopo ndi otsukira mbale onse ali ndi maayoni okwanira. Thukuta ndiye loipa kuposa onsewa popeza limatuluka ndi mchere wake, ndipo limachokera mkati mwa khungu momwemo. N'chifukwa chake munthu wogwira ntchito m'denga la malata mu Okutobala amakhala ndi manja onyowa ngakhale sanayandikire mpopi.

Chachiwiri n'chakuti madzi amakulitsa malo okhudzana. Chala chouma chimakhudza chitsulo ndi timizere take tokha, ndipo pakati pa timizereto pamatsala mpweya. Madzi amadzaza mipata yonseyo, kotero kuti chala chonse chimakhala cholumikizana ndi chitsulo, ndipo malo okhudzana akakula kukaniza kumachepa. Chachitatu, chimene anthu ambiri amaiwala, n'chakuti madzi amayenda. Swichi ya pulasitiki inapangidwa kuti chala chisafike pa chitsulo chamkati, koma dontho lochoka pachala likhoza kulowa pampata wa swichi yosweka kapena kutsetsereka pa pulagi mpaka pa mano ake, n'kulumikiza munthu ndi waya wa moto umene dzanja louma silikanaukhudza n'komwe.

Kumapazi nkhani yake ndi yaikulu kuposa mmene ana amaganizira. Ambiri amayesa kuti simenti ili ngati mwala wouma umene sungadutsitse magetsi. Simenti ya pansi imakhala pa dothi, imayamwa chinyontho kuchokera pansipo ndipo ili ndi mchere wake, choncho pa nkhani ya nyesi tiyenera kuiwerengera ngati nthaka yomwe. M'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, kapena m'mawa pamene m'nyumba mwangokolopedwa, mapazi awiri opanda nsapato pa simenti amakaniza ndi maomu mazana ochepa chabe. Phazi lilinso ndi malo aakulu okhudzana ndi pansi, ndipo thupi lonse limalikanikiza. Nsapato ya labala yokhuthala, youma ndiponso yosabooka ikhoza kukaniza ndi maomu miliyoni imodzi kapena kuposa. Pa zinthu zinayi zimene mwajambula pa bolodi zija, nsapato ndiyo imatha kukhala yaikulu kuposa zonse, ndipo munthu akaivula amakhala wachotsa chotchinga chachikulu kwambiri pa njirayo.

Kuti manambala akhale ndi tanthauzo, ana ayenera kudziwa zimene karenti imachita m'thupi. Munthu amayamba kumva kunyerenyesa pa miliampiya imodzi kapena pang'ono pansi pake. Ikafika pafupifupi 10, minofu ya mkono imakungika yokha ndipo anthu ena amalephera kusiya chimene agwira. Charles Dalziel wa ku Yunivesite ya California anayeza zimenezi pa anthu odzipereka ndipo anapeza kuti amuna ambiri amalephera kusiya pa miliampiya pafupifupi 16, akazi pa 10 kapena 11. Ana amalephera pa karenti yocheperapo. Apa mpamene pamachokera mawu akuti magetsi amugwira kapena amukoka. Magetsi sakoka munthu. Minofu yofumbatitsa dzanja ndi yamphamvu kuposa yotambasula, choncho zonse zikakungika pamodzi dzanja limafumbata waya womwewo. Karenti ikapitirira 20 kapena 30 n'kudutsa pachifuwa, minofu yopumira imauma ndipo munthu amabanika. Kuyambira pa 50 mpaka 100, ikatha sekondi imodzi kapena kuposa, mtima ukhoza kusiya kugunda mwadongosolo n'kuyamba kungonjenjemera osapopa magazi, ndipo nthawi zambiri subwerera wokha ngakhale magetsi atazimitsidwa. Njira yochokera kudzanja kupita kumapazi imadutsa pachifuwa pomwepo.

Ndikupatseni nkhani imene mungawerengere nawo pa bolodi. Ndinaitanidwa kunyumba ina ku Ndirande kumene mayi ankadandaula kuti kuka yamagetsi ikuwagwira nyesi m'mawa uliwonse, pamene bambo a m'nyumbamo ankanena kuti iwo aigwira kangapo osamva kanthu, mwina mayiwo akungoopa. Onse awiri ankanena zoona. Mayi ankakolopa kukhitchini, kutsuka mapoto, kenako n'kukhudza kuka ali chosavala nsapato. Bambo ankaigwira madzulo pochokera kuntchito, manja ali ouma, nsapato zili kuphazi. Nditatsegula pulagi ndinapeza kuti waya wa efu, uja wa mizere yobiriwira ndi yachikasu, unali utaduka pa dzino lalikulu lolembedwa E. M'kuka momwemo, chotchinga cha mbale imodzi yotenthetsera chinali chitawonongeka ndi msuzi wotayikira, ndipo magetsi ankadontha kupita ku chitsulo chakunja. Efu ikanakhala yolumikizika, karenti yodonthayo ikanatsata wayayo m'malo motsata munthu.

Manambala otsatirawa ndi oyerekezera kuti kuwerenga kusavute, koma kukula kwake n'koyenera. Tinene kuti chotchinga chowonongekacho chinkakanizabe ndi maomu 50,000. Kwa bambo tiwonjezere nsapato ya 1,000,000, ndipo 230 kugawa ndi 1,050,000 kukutipatsa pafupifupi miliampiya 0.2, imene munthu saimva. Kwa mayi tiwonjezere 200 ya khungu lonyowa la dzanja ndi mapazi, 750 ya mkati mwa thupi ndi 200 ya simenti yonyowa, zonse 1,150. Tikagawa 230 ndi 51,150 tikupeza pafupifupi miliampiya 4.5, imene imapweteka ndi kudzidzimutsa koma munthu amatha kuchotsa dzanja. Kenako funsani ana kuti chidzachitike n'chiyani tsiku limene chotchingacho chidzatheretu, waya wa moto n'kukhudza chitsulo mwachindunji. Afufute 50,000 ija awerengenso okha:

```
230 ÷ 1,000,000 = 0.00023 A = 0.23 mA
230 ÷ 1,150 = 0.2 A = 200 mA
```

Bambo akadali pansi pa miliampiya imodzi, pamene mayi afika pa 200, kuwirikiza kawiri karenti imene ikhoza kusokoneza mtima. Kuka ndi yomweyo, soketi ndi yomweyo, ndipo kusiyana kwa anthu awiriwa kukuyandikira maulendo 900. Apa mpamene mnyamata uja adzapeze yankho lake, ndipo ndi bwino kuti akhale iyeyo wogwira choko. Phunziro lina la m'nkhaniyi n'lakuti kanyesi kakang'ono kochokera ku kuka, firiji, nsimbi kapena mpopi wa kubafa si chinthu chozolowera. Ndi chizindikiro chakuti zinthu ziwiri zawonongeka kale, chotchinga ndi efu, ndipo chipangizocho chiyenera kuzulidwa mu soketi mpaka wodziwa zamagetsi atachiona. Kuvala nsapato n'kumapitiriza kuphikira, monga mmene banja lija linkaganizira, n'kubisa vuto.

Mwana wina adzafunsa kuti nanga fyuzi ntchito yake n'chiyani. Pulagi ya mano atatu imene timagwiritsa ntchito kuno imakhala ndi fyuzi ya maampiya 13 kapena yocheperapo, ndipo buleka ya masoketi pa bokosi la magetsi imakhala ya maampiya 20, 30 kapena 32. Maampiya 13 ndi miliampiya 13,000. Karenti ya 200 imene ikupha munthu ndi yochepa kuposa imene firiji imakoka, choncho fyuzi ndi buleka sizizindikira kuti pali vuto. Ntchito yake ndi kuteteza mawaya kuti asapse. Chimene chimateteza munthu ndi buleka yapadera yozindikira kudontha kwa magetsi, imene pamwamba pake pamalembedwa RCD kapena RCCB ndi 30 mA, ndipo ili ndi kabatani kolembedwa T kapena TEST. Imayerekeza karenti yopita pa waya wa moto ndi yobwerera pa nyutilo, ndipo zikasiyana ndi miliampiya 30 imadula magetsi pasanathe gawo limodzi la magawo atatu a sekondi, ndipo karenti ikakhala yaikulu ngati ya mayi ija imadula m'magawo 4 pa 100 a sekondi. Munthu amamvabe nyesi, koma nthawi imafupika. Pitani ndi ana pa bokosi la magetsi la pasukulupo akaone kunja kwake ngati ilipo, osatsegula chivundikiro cha mawaya. Nyumba zambiri zakale zilibe. Muwauzenso malire ake: munthu amene wagwira waya wa moto ndi dzanja lina, nyutilo ndi dzanja lina, ali pa nsapato zouma, buleka imeneyi imamuona ngati babu, chifukwa karenti yopita ndi yobwerera zikufanana.

Pa zowaonetsa, lamulo langa ndi limodzi ndipo silisintha: pasakhale chilichonse cholumikizidwa ku soketi, ku invetala kapena ku jenereta. Zonse zichitike ndi batire ya mavoliti 9 ndi malitimita. Musalolenso masewera oika batire palilime kapena ogwirana manja kuti amve nyesi, chifukwa zimaphunzitsa ana kuti nyesi ndi choseketsa.

Yambani ndi madzi. Lumikizani batire, rezisita ya maomu 470, kababu kakang'ono ka LED ndi misomali iwiri yoyera, kuti njira ya magetsi iduke pakati pa misomaliyo. Viikani misomaliyo m'kapu ya madzi a batire, ndikutanthauza madzi oyeretsedwa aja osati asidi wa m'batire, motalikirana masentimita awiri kapena atatu, ndipo kababuko sikadzayaka kapena kadzangoti phethi. M'madzi a pampopi kadzayaka mooneka. Thirani shuga m'kapu ina ya madzi a batire, ndipo sipadzasintha kanthu kwenikweni, koma mukathira kamchere pang'ono kadzawala kwambiri. Shugayo musamudumphe, chifukwa ndi amene amatsimikizira ana kuti nkhani si kuda kwa madzi kapena kusungunula chinthu chilichonse, koma maayoni. Pomaliza, mwana mmodzi aviike zala zake m'kapu yatsopano ya madzi a batire kwa mphindi imodzi misomali isanalowemo, kenako achotse zalazo muyeze madziwo. Mukaika malitimita pa mA m'njiramo, adzaona kuti karenti yakwera poyerekeza ndi madzi amene sanakhudzidwe. Muzitsuka misomali musanasinthe kapu, kupanda kutero mchere wotsalira udzakuchititsani manyazi pamaso pa ana.

Kenako yezani khungu. Ikani malitimita pa Ω, pa sikelo ya 2M kapena 20M, ndipo mwana agwire nsonga imodzi ndi zala za dzanja lamanja, ina ndi zala za dzanja lamanzere. Mita imagwiritsa ntchito mavoliti ochepa kwambiri, choncho palibe choopsa, bola khungu lisabooledwe ndi nsongazo ndipo mwanayo asakhale ndi chilonda pazala. Ndi zala zouma mudzaona maomu mazana a zikwi, mwinanso kupitirira miliyoni. Anyowetse zala ndi madzi a pampopi ayezenso, kenako ndi madzi amchere, ndipo nambala idzatsika kangapo. Ayese kufinya nsongazo mwamphamvu, aonenso ikutsika. Wina athamange kuzungulira bwalo la mpira abwere adzayeze ali thukuta kamukamu. Manambala adzasiyana kwambiri pakati pa ana ndipo adzakhala akuyendayenda pa mita, zimene sizikutanthauza kuti mita yawonongeka. Aliyense alembe zake ndipo ayerekeze youma ndi yonyowa ya iye mwini.

Pano pali msampha umene ndikupemphani kuti muutseke nthawi yomweyo, chifukwa mwana wochenjera adzagawa 230 ndi 500,000 imene wayeza, n'kupeza theka la miliampiya, n'kuganiza kuti ndi manja ouma akhoza kugwira waya wa moto. Kuwerenga kumeneko n'kolakwika. Khungu si rezisita yokhazikika. Mita imaliyesa ndi voliti imodzi kapena ziwiri, koma mavoliti akapitirira 50 kachikopa kaja kamayamba kubooka, ndipo pa 230 kamagonja m'kanthawi kochepa. Muyezo wa mayiko onse wa nkhaniyi, IEC 60479, umasonyeza kuti pa mavoliti a m'nyumba, munthu wogwira ndi chikhato chonse amakhala ndi kukaniza kwa pakati pa maomu 1,000 ndi 2,000 kuchokera kudzanja lina kufika kudzanja lina, ngakhale manja ali ouma. Kunena mosabisa, manja ouma amathandiza kwambiri pamene munthu wangokhudza ndi nsonga ya chala kwa kamphindi, ndiponso pa mavoliti otsika. Akafumbata chitsulo, dzanja n'kukanika kusiya, khungu limatuluka thukuta, limapsa ndi kuchita matuza, ndipo karenti imakwera sekondi iliyonse. Choncho uthenga kwa ana si wakuti manja ouma ndi otetezeka. Ndi wakuti manja onyowa amachotsa mwayi wochepa umene unalipo woti munthu adzidzimuke n'kuthawitsa dzanja. N'chifukwa chakenso malamulo a zamagetsi amaona mavoliti 50 ngati malire a kukhudza m'malo ouma, koma amatsitsa malirewo kufika pa 25 m'malo onyowa, ndi 12 pamene thupi lamira m'madzi.

Chiwonetsero chimene ana amachikumbukira kwambiri ndi cha nsapato. Apempheni abweretse masilipasi atatu: yatsopano, yakutha yopyapyala kuchidendene, ndi ina yoduka chingwe imene inakonzedwa pobaya kawaya kapena msomali pansi pake, monga timachitira tonse. Ikani silipasi pa chidutswa cha lata, ikani kachitsulo kena pamwamba pomwe phazi limaponda, ndipo yezani pakati pa zitsulo ziwirizo. Yatsopano ndi youma idzaonetsa OL kapena 1, kutanthauza kuti kukaniza kwapitirira sikelo. Ya kawaya ija, kachitsulo kapamwamba kakakhudza kawayako, idzaonetsa maomu ochepa chabe, ngati kuti munthuyo sanavale kanthu. Kenako thirani madzi amchere pa yatsopano ija kuti ayenderere kuchokera pamwamba, kudutsa m'mbali kapena pabowo la chingwe mpaka pansi, ndipo mita idzayamba kuwerenga. Labalayo sanasinthe, koma karenti yapeza njira yomuzungulira. Yakutha ija muipinde kuti ana aone ming'alu imene madzi amabisalamo. Nsapato za chikopa zonyowa ndi thukuta nazonso zimadutsitsa magetsi, ndipo jombo za labala zoyendera m'matope sizinapangidwe kapena kuyesedwa ngati nsapato za amisiri a magetsi. Kumbukiraninso kuti nsapato imatchinga njira imodzi yokha. Munthu wovala nsapato zabwino amene dzanja lake lina lagwira mpopi wachitsulo, felemu ya zenera kapena khoma lonyowa wapereka khomo lina lotulukira, ndipo njira ya dzanja ndi dzanja nayonso imadutsa pamtima.

Zonse ndanenazi ndi za magetsi a m'nyumba. Mawaya a pamapolo akuluakulu a m'misewu amanyamula mavoliti 11,000 kapena 33,000, ndipo pamenepo nsapato wamba, ndodo kapena manja ouma sizithandiza konse. Waya wotere ukagwa ndi mphepo ya mvula, nthaka yozungulira imakhala ndi mavoliti ochuluka pafupi ndi wayayo, amene amanka nachepa munthu akamatalikira, kotero kuti phazi lakutsogolo ndi lakumbuyo zimaponda mavoliti osiyana ndipo karenti imakwera mwendo wina n'kutsika wina. Ana asayandikire, aletse anzawo ndi ziweto, ndipo akuluakulu adziwitse ESCOM. Wopezeka ali pafupi achokepo mokhwekhwereza mapazi ali ogundana, osatambasula miyendo.

Siyani mphindi khumi zomaliza kuti muyeseze kupulumutsa munthu wogwidwa ndi magetsi a m'nyumba, chifukwa apa mpamene manja onyowa ndi mapazi opanda nsapato zimapha munthu wachiwiri. Wothamangira kukakoka mnzake amakhala waponda simenti yonyowa yomweyo, ndipo khungu la wogwidwayo lili ndi magetsi. Choyamba ndi kuzimitsa swichi yaikulu ya pa bokosi kapena ya pa soketi ngati ili patali ndi madzi, choncho mwana aliyense apite kwawo akafunse kumene swichi yaikulu ili. Ngati kuzimitsa sikutheka, wopulumutsa aime pa thabwa louma kapena pa mpando wa pulasitiki, akankhe waya kapena mkono wa munthuyo ndi mtengo wouma wa tsache, osati mopu imene yangochoka m'ndowa. Munthuyo akachotsedwa, ngati sakuyankha ndipo sakupuma bwino, wina aitane thandizo pamene wina akukanikiza pakati pa chifuwa mwamphamvu maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi, osaleka mpaka thandizo litafika. Gawo limeneli ndi bwino muitane namwino kapena wophunzitsa chithandizo choyamba kuti adzaonetse pa chidole, osati pa mwana. Munthu asathiridwe madzi pofuna kumutsitsimutsa. Amene wakomoka ngakhale pang'ono, wapsa, akumva kupweteka pachifuwa kapena mtima ukugunda modumphadumpha, ndiponso mayi woyembekezera aliyense, apite kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ku Queen Elizabeth kaya kuchipatala chapafupi, ndipo akauze adokotala pamene karenti inalowera ndi pamene inatulukira, chifukwa kabala kakang'ono ka pachala kapena kuphazi kakhoza kubisa kupsa kwa minofu ya mkati.